Kenako Munatani?

Uthenga unabwera ndi munthu wina wakwathu ku Dedza amene ankabwerera kuntchito kwake ku Penhalonga. Anandipeza manja ali bii ndi mwaye, ndipo sanadikire kuti ndisambe. Mlongo wanga akuti mwana wake woyamba wapeza mwamuna, ukwati udzachitika anthu akamaliza kukolola, ndipo malume a mwanayo ndine ndekha, palibenso wina woti akaime pa unkhoswe. Atanena zimenezo anadzikanda m'mutu, nkuwonjezera kuti kumudzi anthu ayamba kunditchula kuti mtchona. Mawu amenewo anandilasa kuposa uthenga wonsewo, chifukwa sanali onama kwenikweni. Mwana ankakwatiwayo ndinamusiya akukwawa.

Nthawi imeneyo, nkhondo yachiwiri isanayambe, ndinkasonkha moto wa boyila pa nyumba yochapira zovala ku Paulington, dera lina la tauni ya Umtali, kufupi ndi njanji. Tinkachapa nsalu za m'mahotela ndi zovala za azungu a mu Umtali, ndipo nthunzi yonse yotenthetsa madzi ndi kuyendetsa makina inkachokera m'chitsulo changacho. Boyila si chinthu chovuta kuchimvetsa: madzi m'kati, moto pansi. Vuto lake nloti m'katimo simuonamo. Chimene chimakuuzani pamene pafika madzi ndi kagalasi koimirira pambali pake, kokhala ndi kampopi pamwamba ndi pansi. Madzi akatsika kwambiri moto uli lawilawi, chitsulo chimafiira nkufewa, ndipo chikang'ambika sichisiya khoma.

Kuseri kwa khoma limenelo kunkakhala mkazi wanga. Ankasokerera mabatani ndi kuika zigamba, ndipo tebulo lake analikankhira dala pakhomapo, pansi pa kawindo koyang'ana kumene tinkaunjika nkhuni, chifukwa m'nyengo yozizira ya ku Umtali mpamene pankafunda.

Ndinakapempha tchuthi cha miyezi itatu. Mzungu wathu sanali woipa mtima, kungoti anali waulesi pa chilichonse chofuna kuganiza. Anati pita, koma uyambe wapeza munthu wodziwa kale boyila, umufunse wekha pamaso panga, ukati yes ndi yes. Zophunzitsa munthu watsopano anakana, ndipo pamenepo sindinamutsutse, chifukwa boyila saphunzira masabata atatu. Ndinaona ngati nkhani yatha kale. Madzulo omwewo ndinakagula nsalu kwa Mmwenye, yobiriwira ya maluwa achikasu, yoti mwana wa mlongo wanga akavale. Sitima yomaliza yoti ndikafike pa nthawi yake inali ya Lachinayi la kumapeto kwa mwezi, pakadutsa masabata atatu, ya ku Beira, kukasintha ku Dondo.

Mbiri ya ntchito imathamanga. M'mawa mwake ndinapeza anthu atandandana pageti, pafupifupi onse akwathu ku Nyasalande, zitupa m'manja. Tinakhala pamulu wa nkhuni, mzungu pa bokosi lake akusuta kaliwo. Chinyanja ankamva mawu awiri okha, inde ndi iyayi, choncho kufunsa ndi kumasulira konse kunali kwa ine.

Woyamba anaima njo ngati msilikali. Ndinamufunsa ngati anagwirapo boyila.

"Inde bambo. Ndinagwira ku Mulanje, ku fakitale ya tiyi. Ndimalawirira, sindimwa mowa, ndipo diso langa silichoka pagalasi."

Mtima wanga unayera. Ndinati, "Ndiye madzi akatsika mumayatsa pampu, si choncho?"

"Inde bambo."

"Ndipo phulusa mumachotsa m'mawa uliwonse?"

"Inde bambo, m'mawa uliwonse."

Ndikanamulemba pompo, koma mzungu anati tione enanso. Wachiwiri analowa, nkuima njo. Anagwira ku Mulanje, ku fakitale ya tiyi. Amalawirira, samwa mowa, ndipo diso lake silichoka pagalasi. Wachitatu chimodzimodzi, ngakhale kuti fungo limene linkatuluka m'kamwa mwake silinali la tiyi. Pofika masana ndinali nditamva za anthu ochuluka ogwira boyila ku Mulanje, moti ndinayamba kudabwa kuti tiyi ankathyola ndani.

Pa nthawi yopuma mkazi wanga anandibweretsera mbatata. Iye anabadwira pa famu ina cha ku Odzi, makolo ake ndi akwathu, koma pakamwa pake Chinyanja ndi Chishona zinkadyera mbale imodzi. Anakhala pachitsa nkuyamba kusenda mbatata yake pang'onopang'ono.

"Abambo, kumeneku ndi kufunsa kapena kupemphetsa?"

"Kupemphetsa chiyani?"

"Kupemphetsa kuti akunamizeni. Mukumuikira yankho m'kamwa ngati phala la mwana, iye nkumangomeza. Inde bambo, inde bambo. Ngakhale ine ndikhoza kuwina basa limeneli, ntchito yanuyi."

Ndinamuuza kuti za boyila azisiyira eni ake. Iye anati za boyila sazidziwa ndithu, koma za mwamuna wobwera ndi nkhani yokonzeratu akuzidziwa bwino, wakhala naye zaka zambiri. Anati ndikachedwa kulokeshoni Lamlungu nkunena kuti ndinali kumaliro, iye sandifunsa kuti kodi munali kumaliro. Amandifunsa kuti anamwalira ndani, ndinakhala pafupi ndi ndani, analalikira ndani, ndipo kenako ndinadzera kuti. Zimenezo zinali zoona, ndipo zinandikwiyitsa kwambiri chifukwa zinali zoona. Ndinamaliza mbatata yanga.

Madzulo ake ndinawaitananso anthu aja mmodzimmodzi. Woyamba atamaliza nyimbo yake ya ku Mulanje, ndinamupempha kuti andiuze za tsiku limodzi lokha, tsiku lomaliza limene anagwira ntchito kumeneko, kuyambira pamene analowa pageti.

"Tinkafika m'mamawa, nkuyatsa moto."

"Ndi angati amene munkafika?"

"Tinalipo ambiri."

"Mwa ambiriwo, inuyo ndi manja anuwa munkagwira chiyani?"

"Tinkathandizana."

Ndinakhala chete. Kukhala chete ndi chinthu chovuta kuposa kufunsa, makamaka kwa munthu wapakamwa ngati ine, chifukwa lilime limayabwa kufuna kumuthandiza mnzako. Ndinaliluma. Munthu uja anayang'ana pansi, nkuyang'ana mzungu, nkuyang'ana nkhuni. Kenako anati ntchito yake inali kututa nkhuni kuchokera pangolo kukaunjika pakhomo la boyila. M'kati sankalowa, chifukwa wosonkha motoyo anali wankhanza. Sanandinamize kuti anali ku Mulanje, ndipo mwina ankalawiriradi. Kungoti mawu oti "tinka" ndi chikwama chachikulu, munthu amabisalamo ndi miyendo yomwe.

Wina ndinamufunsa kuti, poti diso lake silichoka pagalasi, madzi a m'galasimo amawaona akutani boyila ikamawira. Anati amakhala bwinobwino. Ndinati bwinobwino wake wotani, ataima kapena akuyenda? Anandiyang'ana kumaso kusaka yankho, ine nkuumitsa nkhope ngati mwala. Anasankha kuti amakhala ataima zii. Pamenepo ndinamuthokoza nkumubwezera chitupa chake. Boyila ikamawira, madzi a m'galasi amavinavina pang'ono. Akaima chilili ndiye kuti kanjira katsekeka ndi zoyangayanga, galasi likukunamizani, ndipo m'kati mwina madzi anatsika kalekale. Munthu amene anaimapo pa boyila sabata imodzi yokha amachidziwa chimenecho.

Mmodzi yekha sanaimbe nyimbo ya ku Mulanje. Anali Mmanyika, mbadwa ya dziko lomwelo, wamtali wa ku Zimunya, wamawu ochepa, ndipo mayankho ake oyamba anali opanda mutu kuposa a onsewo. Munagwirapo boyila? Zvishoma, kutanthauza pang'ono. Kuti? Uko. Ndikanamuthamangitsa, koma ndinati tiyeni timukumbe nayenso. Ndinamufunsa kuti "uko" kunali chiyani, nkunena kuti kunali makina ocheka matabwa kuphiri. Ndinati tsiku limene munavutika kwambiri kumeneko linali liti? Anaganiza, kenako anayamba kufotokoza za tsiku limene pampu inakana kukoka madzi, mmene anaphimbira moto ndi phulusa lonyowa, mmene anapezera masamba atatseka paipi ya kuchitsime. Akamalankhula manja ake ankapotokola timipopi m'malere. Funso lililonse linkatulutsa zina, ngati mukufukula mbatata. Ndinatsala pang'ono kumukumbatira. Atamva kuti ntchitoyo ndi ya miyezi itatu yokha, anaseka pang'ono, nkunena kuti sangasiye kumene ali chifukwa cha miyezi itatu. Anatsanzika mwaulemu nkupita, ndipo tsiku limenelo ndinamenya chitseko cha ng'anjo ndi fosholo mpaka mzungu anatuluka kudzaona.

Mwini wake wa nyimbo ya ku Mulanje sanachedwe kuonekera. Anali mkulu wina wa bungwe lathu la maliro, amene kale ankaperekera zakudya m'hotela. Aliyense wotsika sitima kuchokera kwathu ankafikira kwa iye, ndipo ankawagoneka, kuwadyetsa ndi kuwaphunzitsa zoyankha kwa azungu. Ndisamunamizire, anthu ambiri anapeza ntchito chifukwa cha iye, inenso kale ndinagonapo pakhonde lake. Anabwera atavala jekete ndi chipewa, nkundikokera kuseri kwa nkhuni.

"Mphwanga, ndamva kuti mwasanduka polisi."

"Ndikungofunsa, achimwene."

"Wakwanu mumamufunsa kamodzi. Mukamufunsa kachiwiri mwamutcha wabodza, ndipo mukamutcha wabodza pamaso pa mzungu mwatitcha tonse. Kunja kuno tilibe amayi. Munthu amalowa kaye pakhomo, ntchito amakaiphunzirira m'kati. Kodi inuyo munabadwa ndi fosholo?"

Ndinati mbale ya supu ikagwa amakolopa, koma boyila sakolopa. Iye anati chibale ndi fupa, sichiola. Ndinati fupalo ndi limene ndikuopa kudzatola uko ku Darlington, dera lina la tauni, likadzauluka. Sanaseke. Anakonza chipewa chake nkunena kuti tidzaonana Lamlungu.

Lamlungu tinaonanadi. Bungwe litamaliza zokambirana, tinakhala pansi pa mtengo kulokeshoni masana, chipanda chikuzungulira, ndipo mkulu uja anakhala pafupi nane ngati sitinakanganepo. Anandifunsa mokoma kuti kodi anyamata ake akulakwitsa pati. Ine ndi mkwiyo wa masabata awiri, ndiponso mowa unali wabwino. Ndinakhuthula zonse. Ndinati anthu anu sadziwa kuti madzi a m'galasi amavina. Sadziwa kuti m'mawa uliwonse umatsegula kampopi ka pansi kutsuka galasi, nkuona ngati madzi abwerera msanga. Sadziwa kuti madzi akasowa m'galasi sumathira ozizira pachitsulo chofiira, umayamba wapha moto. Ndinawonjezera mawu anga amene ndinkawakonda, oti boyila ili ngati apongozi, suiyang'anitsitsa koma suipatsanso msana.

Anthu anaseka, ine nkutenthedwa. Ndinawafotokozera za tsiku limene galasi linandiphulikira ndili ndekha, chipinda chonse chitadzaza nthunzi, osaona ngakhale dzanja langa. Ndinati ndinadzifunditsa chiguduli chonyowa, nkukwawa mpaka paboyila, nkutseka kampopi ka madzi koyamba, kenako ka nthunzi, ndipo phokoso lonse linati zii. Ndinawaonetsa chipsera cha pamkono. Anthu anaomba m'manja, chipanda chinabwereranso kwa ine, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mkulu uja ankangogwedeza mutu. Ine ndinkayesa kuti akuchita manyazi.

Anthu anasiya kubwera pageti. Lolemba linadutsa, Lachiwiri linadutsa, nsalu yobiriwira ili m'sutikesi pamodzi ndi shuga ndi sopo. Lachitatu m'mawa, kutatsala tsiku limodzi kuti sitima inyamuke, mkulu uja anafika ndi munthu mmodzi, mwana wa mlongo wake. Anali bambo wa zaka ngati makumi atatu, wamapewa otambalala, nkhope yofatsa, ndipo ndinamva kuti anasiya mkazi ndi ana kwawo ndipo wakhala miyezi osapeza ntchito. Ndinamukonda nditangomuona, ndipo ndinkafunitsitsa kuti akhale iyeyo.

Sanatchule za Mulanje. Anati anagwira pa mgodi wina waung'ono umene unatsekedwa, mwini wake anapita osawalembera makalata. Zimenezo zinkachitikadi. Ndinamufunsa za madzi a m'galasi, nkuyankha kuti amavina, ndipo akaima ndiye kuti kanjira katsekeka. Ndinamufunsa chimene amachita m'mawa asanakoleze moto, nkufotokoza za kutsuka galasi. Madzi akasowa? Amayamba wapha moto, osathira madzi ozizira. Ndinkamasulira mayankho onse, ndipo mzungu anachotsa kaliwo pakamwa kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu. Anati, "Yena lo," uyu ndiye, nkuyamba kudzuka pabokosi.

Pamenepo munthu uja, pofuna kutsendera, anawonjezera kuti, "Boyila ili ngati apongozi, bambo. Suiyang'anitsitsa koma suipatsanso msana."

Anali mawu anga aja a Lamlungu. Kumva mawu ako akutuluka m'kamwa mwa munthu wina kuli ngati kukumana ndi malaya ako pamsika. Ndinayang'ana mkulu uja, iye akuyang'ana mitambo. Koma ndinadziuza kuti mwina anangobwereka mwambiwo, ntchito akuidziwa. Mwambi suletsedwa kubwereka. Mzungu wavomera kale, ine changa nkungoti yes, mawa ndili m'sitima. Pakamwa ndinatsegula ndithu.

Pakawindo paja lumo linasiya kulira. Mkazi wanga sananene kanthu, sanasuzumire nkomwe. Ndinkangoona nsonga ya duku lake, pamalo pake pa masiku onse, msana atautsamiritsa kukhoma la boyila.

Ndinauza mzungu kuti adikire pang'ono. Ndinaona kuti mafunso a "zikatere mungatani" onse anawaloweza, choncho ndinabwerera ku njira ya mkazi wanga.

"Achimwene, tandiuzani za tsiku limodzi limene zinthu zinavuta boyila ili m'manja mwanu."

Nkhope yake inawala ngati mwana wa sukulu amene wafunsidwa pamene anawerenga. Anati tsiku lina galasi linamuphulikira ali yekha. Chipinda chonse chinadzaza nthunzi, osaona ngakhale dzanja lake. Anadzifunditsa chiguduli chonyowa, nkukwawa mpaka paboyila, nkutseka kampopi ka madzi koyamba, kenako ka nthunzi, ndipo phokoso lonse linati zii. Anaifotokoza bwino kuposa ine, ndisaname. Atafika pa zii paja anaima, nkumandiyang'ana.

Ndikanatha kumuuza kuti avule malaya tione chipsera, koma munthu akhoza kutseka timipopi osapsa, ndiponso sindinkafuna kumuvula pamaso pa mzungu. Chimene ndinkafuna kudziwa sichinali mwini nkhani. Ndinkafuna kudziwa ngati mkazi wanga angakhale kuseri kwa khomalo miyezi itatu.

"Kenako munatani?"

"Kenako bwana anabwera nkundiyamika."

"Asanabwere bwanayo. Galasi lasweka, timipopi mwatseka, moto ukadali kuyaka. Madzi munkawadziwa bwanji pamene ali?"

Anayang'ana kwa amalume ake. Kumeneko kunalibe thandizo, chifukwa Lamlungu lija nkhani inathera pamene anthu anaomba m'manja. Zotsatira zake sindinazifotokoze kwa aliyense, nzosakoma kumva. Palibe amene amakupatsa chipanda chifukwa choti unachepetsa moto, nkumatsegula timipopi titatu toyesera ta pambali kamodzikamodzi kuona kotulutsa madzi ndi kotulutsa nthunzi, nkukasaka galasi lina m'bokosi, nkuliika ndi timphira take, nkulitenthetsa pang'onopang'ono kuti nalonso lisasweke. Koma ntchito yeniyeni ndi imeneyo.

Ndinamupatsa mpata, chifukwa munthu akhoza kuiwala mawu koma manja akukumbukira. Ndinati tiyeni tilowe mundilozere ndi chala chimene munagwira. Tinalowa tonse. Anaima patsogolo pa boyila patali ndithu, monga amaimira munthu amene sanazolowere kutentha kwake. Timipopi titatu tija tinali pamaso pake penipeni, koma maso ake anangotidutsa. Analoza wotchi ya nthunzi.

"Ndinkaonera apa."

"Imeneyo imanena za mphamvu ya nthunzi. Nanga madzi?"

"Ndinangothira ambiri kuti asachepe."

"Munadziwa bwanji kuti akwana?"

Anatsitsa chala chake. Kenako anayankha motsitsa, osayang'ana aliyense, kuti ku mgodi kuja ankakankha ngolo. Boyila ankaiona akamadutsa.

Mzungu anali pakhomo, akuyang'ana wotchi yake ya m'thumba. Sanamve kalikonse. Anangofunsa kuti, "Yes or no?" Mkulu uja anandiyandikira nkunong'ona kuti, "Mphwanga, ganizani za mlongo wanu." Ndinali kumuganizira kale, sindinkasowa wondikumbutsa. Ndinaganizira za nsalu ili m'sutikesi, za anthu atakhala pabwalo kudikira malume, ndi za mawu aja oti mtchona. Ndinakwiyira mkuluyo, ndinakwiyira mzungu waulesiyo, ndinakwiyira Mmanyika uja ndi ntchito yake yabwino, ndinakwiyira chipanda cha Lamlungu, ndipo koposa onse ndinakwiyira duku limene linali pakawindo.

Ndinati no.

Mzungu anakweza mapewa nkunena kuti ndiye tchuthi chidikira, nkubwerera ku ofesi kwake. Mkulu uja anatuluka osatsanzika, ndipo kwa nthawi yaitali kubungwe ankapereka moni kwa munthu wa kumanja kwanga ndi wa kumanzere, ine nkundilumpha. Kunyumba sindinalankhule ndi mkazi wanga. Iye anandiikira madzi osamba nkunena kuti, "Inetu sindinanene kanthu." Ndinati ndikudziwa, nchifukwa chake ndakwiya.

Lachinayi sitima ya ku Beira inaliza mluzu wake ndili paboyila. Ku Paulington mluzu umamveka ngati uli m'khutu, sungauthawe. Ndinatsegula kampopi ka pansi, madzi anatsika m'galasi nkubwerera akuvina, ine nkumangowayang'ana. Nditatembenuka ndinapeza mwana wa mlongo wa mkulu uja ataima pakhomo, chipewa m'manja.

"Bambo, pepani. Ndagona ndikuganiza. Tsiku lija galasi litasweka, kenako munatani?"

Ndinali ndi chikuni m'manja, ndipo Mulungu yekha akudziwa chimene chinandigwira. Masabata atatu ndakhala ndikufunsa anthu funso limeneli, ndipo munthu woyamba kulifunsa kwa ine analifunsa sitima itapita. Ndinamulozera timipopi titatu tija, nkumuuza kuti asendere pafupi, boyila siluma munthu woima bwino. Mzungu anavomera kumulemba ngati wotuta nkhuni, ndipo ndinamuphunzitsa ndikutukwana. Mutu anali nawo wabwino. Amalume ake akanamubweretsa chaka chimodzi m'mbuyo nkunena zoona, bwenzi zonsezi kulibe. Safunsa anadya phula, koma ine wofunsa ndinadya chiyani?

Ndinapita kumudzi patadutsa mvula ziwiri, boyila nditaisiya m'manja mwake. Nsalu ija sindinaitumize ndi munthu, ndinaumirira kuti ndikapereka ndekha. Unkhoswe anaimira msuweni wina amene sindinkamuwerengera nkomwe, ndipo anthu anati anaugwira bwino. Mlongo wanga anandilandira, analira, anandiphera nkhuku, koma za ukwati sanazitchule ngakhale kamodzi. Ndinayamba kumufotokozera za galasi ndi timipopi, iye nkumangoti eya, eya, kenako anadzuka kukaona moto. Sanandifunse kuti kenako zinatani.

Mwana wake anabwera madzulo kudzandipatsa moni. Anagwada patali, monga amachitira kwa mlendo, khanda lili m'manja. Ndinatulutsa nsalu ija, mizere yopinda itayera chifukwa chokhalitsa m'sutikesi. Anailandira ndi manja awiri, anathokoza, nkuitambasula kuona maluwa ake. Kenako anawerama, anaika khanda kumbuyo, nkuliberekera nsaluyo.